Mzere Umene Atate Anadumpha

Buku la atate linali makaderno anayi, makope olemberamo aja, osokedwa pamodzi ndi ulusi wa thumba la ufa. Chikuto chake chinali katoni, ndipo pamwamba anakutapo nsalu yomwe kale inali siketi ya amayi. Analilemba ndi dzanja lawo tili ku Malawi, kumene tinathawira nkhondo ine ndikadali wa kumsana. Pa msasa wathu wonse panali buku limodzi lokha la mapemphero losindikizidwa, ndipo mwini wake ankalibwereketsa masana okha, akamapita kukaima pamzere wa chakudya. Atate ankakhala pa mwala, kaderno pa bondo, n'kumakopera mpaka mwini buku abwere. Amayi amati ntchitoyo inatenga dzinja lonse ndi chilimwe chake.

Titabwerera kwathu kumbali ya Lifidzi, kapela yathu tinaipeza ilibe denga, ilibe mabenchi, buku ngakhale limodzi munalibe. Ansembe ankachokera ku misiyoni ya Fonte Boa kamodzi pa miyezi ingapo, ndipo masabata ena onse amene ankaima kutsogolo anali atate. Sanasankhidwe ndi munthu. Buku linali lawo, odziwa kuwerenga anali ochepa, basi nkhani inathera pomwepo. Iwo ankawerenga mzere, mpingo n'kubwereza, mpaka mapemphero aja analowa m'mitu ya anthu monga momwe analili m'makaderno, ndi kapumidwe ka atate komwe. Kumunda anali mlimi wamba wa chimanga ndi kachewere, wosaposa mnzake. Lamlungu m'mawa ankavala jekete, n'kutenga buku lija m'kabokosi, ndipo msana wawo unkawongoka.

Ine ndinaphunzira kuwerenga pa buku limenelo. Zilembo za atate zinali zazikulu, zozungulira, zosavuta kwa mwana. Ndikunena zimenezi pano kuti pasakhale wondikhululukira ponena kuti sindinkadziwa chimene ndinkagwira.

Ndinakula, ndinaphunzira, ndinakhala mphunzitsi wa mbiri yakale pa sikola ya sekondale ku Ulongwe. Chaka changa chachiwiri ndinali ndi matenda amene amagwira aphunzitsi atsopano: ndinkafuna kuti ana azinena kunjira kuti pulofesora uja ndiye amatha. Tsono itafika nthawi yophunzitsa za makina osindikizira mabuku a ku Ulaya, ndinatsimikiza kuti sindingolemba pa bolodi ngati anzanga. Ndinkafuna chinthu choti ana achione, achigwire. Loweruka lina ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, ndinatsika pamphambano, n'kuyenda wapansi mpaka kwathu.

"Atate, mundibwereke buku lanu sabata imodzi. Ndikufuna ana akaone."

"Akaone chiyani, apulofesora?" Ankandiitana choncho chiyambire pamene ndinalandira ntchito, theka lake kunyada, theka kundiseka.

"Akaone mmene anthu ankalembera mabuku kale."

Anakondwa. Anapukuta chikuto ndi mkono wa malaya, analikulunga m'pepala la pulasitiki kuopa mvula, n'kundiuza kuti ndilibweze lisanafike Lamlungu linalo. Lamlungu la mawa lake anati atsogolera za pamtima. Sindiname: pa nthawiyo sindinkaganiza zowachita chipongwe. Koma sindinkaganizanso za iwo n'komwe. Ndinkaganiza za phunziro langa.

Ndinalikonzekera bwino phunzirolo, ndipo mpaka lero zimene ndinaphunzitsa ndi zoona. Ndinayamba ndi mlembi wa ku Ulaya wa zaka zoposa mazana asanu zapitazo, wokhala pa tebulo ndi nthenga, kukopera buku mzere ndi mzere. Buku lalikulu linkamutengera miyezi yambiri, mwina kupitirira chaka, ndipo likakhala la pa zikopa, khola lonse la nkhosa kapena ana a ng'ombe linkathera m'buku limodzi. Akamaliza, buku linali limodzi basi. Wofuna lachiwiri, ntchito inkayambiranso pachiyambi, mtengo womwewo. Ndiye mabuku ankakhala kwa ansembe, kwa mafumu, ndi kwa ophunzira ochepa. Mapepala opangidwa ndi nsanza zosinja atafala, mtengo unatsikako, koma dzanja la mlembi silinafulumire.

Kenaka ndinatulutsa kachewere. Ndinali nditasema zilembo zingapo pa mbatata zoduladula, chilichonse chotembenuka ngati mmene chimaonekera pa kalilole. Ndinazipaka tinta, inki yolembera, kuzidinda pa pepala, liwu linatuluka. Ndinazisuntha, n'kudindanso, linatuluka liwu lina. Ana anaimirira pa mabenchi. Ndinawauza kuti anthu a ku China ndi ku Korea anali atayamba kale kusindikiza, ndi matabwa osema ngakhalenso zilembo zosuntha, koma mmisiri wina wa zitsulo wa ku Alemanya, dziko la ku Ulaya konko, anapeza njira yopangira zilembo zambirimbiri zofanana mwamsanga. Ankasema chilembo kunsonga ya kachitsulo kolimba, n'kukakhomera pa mkuwa kuti chisiye dzenje la chilembocho. Mkuwawo ankauika pansi pa kachikombole kogwira m'manja, n'kuthiramo mtovu wosungunula wosakaniza ndi zitsulo zina zoulimbitsa. Unkauma nthawi yomweyo. Atsegula, chilembo chagwa, atseka, athiranso. Zilembo zonse zinkatuluka zotalika mofanana, kuti zikaima pamodzi pasakhale chobisala.

Ndinafotokoza za woyala zilembo, amene ankaima patsogolo pa bokosi la timagawo tambiri, chilembo chilichonse ndi kagawo kake. Ankatola chimodzichimodzi, kuziika pa kathabwa m'dzanja lamanzere, mozondoka, n'kuika tizitsulo tafupi pakati pa mawu kuti mzere udzaze. Mizere ikakwana masamba, ankaimanga mu felemu yachitsulo ndi timitengo tokhomera kuti isagwedere. Tinta wa alembi anali wamadzi, sakanamata pa chitsulo, choncho ankaphika mafuta n'kusakaniza ndi mwaye. Mmodzi ankapaka tintayo ndi timipira tachikopa, mnzake n'kuika pepala lonyowetsa pang'ono, kulilowetsa pansi pa thabwa, n'kukoka mpini wa chopanira chonga chimene ankafinyira mphesa. Pepala loyamba linali loyesera, ankaliwerenga kufunafuna zolakwika. Zikakonzedwa, anthu awiri aja ankatha kudinda mapepala mazanamazana pa tsiku. Akamaliza ankamasula zilembo, kuzitsuka, kuzibwezera m'timagawo, kuti ayalenso masamba ena.

"Ndiye kutsika mtengo kwagona apa," ndinawauza. "Thukuta lalikulu lili pa kuyala. Buku loyamba ndi lodula kwambiri. Koma lachiwiri, lachikhumi, la mazana atatu, limangofuna pepala, tinta ndi mkono wokoka. Thukuta la woyala lija limagawika pa mabuku onsewo."

Ndinapitiriza ndi zimene zinatsatira. Mmonke wina wa ku Alemanya komweko atatsutsana ndi akuluakulu a mpingo, mawu ake anadindidwa m'timabuku ta masamba ochepa, m'chilankhulo cha anthu wamba, tina tokhala ndi zithunzi, ndipo tinafika m'mizinda yambiri akuluakulu asanakonze yankho. Ena akale amene anatsutsapo chimodzimodzi ankatha kuwatseka pakamwa, uyu zinakanika. Malembo anamasuliridwa m'zilankhulo za anthu, mpingo unagawika, nkhondo zinabuka. Nawo mpingo wakale unagwira makina omwewo, kudinda makatekisimu ndi mabuku a mapemphero ofanana paliponse, n'kulemba mndandanda wa mabuku oletsedwa. Mafumu anadinda malamulo awo, koma anaona kuti odana nawo akudindanso, ndiye analamula kuti wosindikiza aliyense aziyamba wapempha chilolezo. Kunabwera timapepala ta nkhani. Kuwerenga sikunafale tsiku limodzi, makamaka kumidzi ndi kwa akazi, ndipo ambiri ankangomvera wina akuwerenga mokweza. Koma buku lophunzirira zilembo litatsika mtengo, chifukwa chophunzirira chinapezeka. Ndipo munthu akakhala ndi buku lake m'manja, amayamba kuona ngati woima kutsogolo akunena zimene zalembedwa.

Mawu omalizawa ndinawanena ndekha, ndi pakamwa panga, popanda kumva chimene ndikunena.

Apa m'pamene ndinatulutsa buku la atate. Masiku awiri m'mbuyomo ndinali nditaliika pambali pa buku losindikizidwa la mnzanga wina, kufunafuna cholakwika choti ndikaonetse. Ndinachipeza, ndipo ndinasangalala ngati wapha mbewa yonona. Mu pemphero lopempherera anthu ovutika muli mizere itatu yotsatana, wa odwala, wa amasiye, ndi wa apaulendo, yonse yothera ndi mawu ofanana. Atate atalemba wa odwala, diso lawo pobwerera ku buku linagwera pa mathero a mzere wachiwiri, iwo n'kuyesa kuti ndi pomwe analekeza. Anapitirira ndi apaulendo. Amasiye anatsala. Ndi cholakwa chimene alembi a pamanja akhala akuchita kuyambira kalekale, ndipo chinali ndendende chimene ndinkafuna.

Ndinayendetsa mabuku awiriwo benchi ndi benchi. Ndinati, "Onani, dzanja limatopa, diso limadumpha. Wokopera kuchokera m'bukuli adzakoperanso dzenjeli, n'kuwonjezapo lake." Zinali zokwanira. Koma ana anali atatchera khutu, ine ndatenthedwa, ndipo ndinawonjeza: "Pali mpingo wina umene wakhala zaka makumi awiri osapempherera amasiye, chifukwa mlembi wawo anaphethira." Kalasi inaphulika ndi kuseka. Mtsikana wina anafunsa kuti alembi a ku Ulaya aja anapita kuti makina atabwera. Ndinayankha kuti anakagwira khasu, ndipo anasekanso.

Sindinatchule dzina. Sipanafunike. M'kalasimo munali ana anayi kapena asanu a kwathu, ochita lendi ku Ulongwe, amene anabatizidwa akuona nsalu ya chikuto ija. Lachisanu masana anakwera njinga zawo kupita kumudzi, ndipo nkhani inafika ine ndisanafike.

Loweruka ndinabweza buku. Atate analandira ndi manja awiri, anafunsa ngati ana analikonda, ine ndinati eya. Amayi sanandiyang'ane kumaso. Ndinabwerera tsiku lomwelo, ndikunamizira kuti ndili ndi mapulova, mayeso a ana, oti ndichonge.

Zotsatira ndinazimva kwa amayi, patapita milungu. Lamlungu limenelo, atate atafika pa odwala n'kulowa kwa apaulendo, kumbuyo kunamveka kutsokomola, kenaka tinkhani ta pansipansi. Atatuluka, mayi wina amene mwamuna wake anaphedwa pa nkhondo anawaimitsa pakhomo. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Abambo, ndiye ife zaka zonsezi munalibe nafe mawu?"

Akomiti a kapela anakumana. Anapeza kuti ku misiyoni kuli mabuku a mapemphero osindikizidwa, ang'onoang'ono, a chikuto chofewa, otsika mtengo moti banja likagulitsa ndowa ya kachewere linkatha kugula lake. Mabukuwo analipo kalekale. Panalibe amene anawafunapo, chifukwa buku linalipo kale, ndipo linali la atate. Tsopano anabwera nawo pa njinga, katoni yodzaza. Ana a sikola anali ambiri m'mudzi, pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi wowerenga. Lamlungu lotsatira mpingo wonse unali ndi chala pa mzere.

Atate anayesa. Anawonjeza mzere wa amasiye m'mbali mwa tsamba ndi kaneta, cholembera cha inki. Koma panali pena pamene mawu awo ankasiyana pang'ono ndi a m'mabuku atsopano, pena chifukwa cha dzanja lawo, pena chifukwa buku la ku msasa lija linali la kusindikiza kwakale. Anthu sankasiyanitsa zimenezo. Akasiyana, achinyamata ankakweza mawu kuwawongola, mapemphero n'kumamveka ngati anthu awiri akulimbirana khasu limodzi. Anawapatsa buku latsopano kuti aziwerenga m'menemo. Zilembo zake zinali zazing'ono ngati nthanga za fodya, ndipo maso a atate anali atayamba kale kuchita chifunga. M'buku lawo ankaona chifukwa analemba zazikulu, komanso theka ankalidziwa pamtima. Pasanathe miyezi iwiri anauza akomiti kuti apeze wina. Anasankha mnyamata wina wa ukalipentala, wowerenga bwino, munthu wopanda vuto ndi aliyense. Atate anakakhala pa benchi yachitatu kuchokera kumbuyo.

Ine ndinakhala osapita kwathu nyengo yonse yokolola. Ndinkatumiza shuga ndi sopo kudzera kwa anthu. Manyazi anga anali a mtundu woipa, aja amene amakupangitsa kuthawa munthu amene wamulakwira, n'kumusiya yekha ndi bala lake. Ndinkadziuza kuti mabuku aja akanabwerabe, kuti n'chinthu chabwino anthu kuwerenga okha, kuti amasiye anayenera kupemphereredwa. Zonsezo n'zoona. Koma palibe mwa zimenezo chimene chinafuna kuti ana makumi asanu aseke bambo anga.

Ndinapita mu Ogasiti, mphepo ija yozizira ikuwomba fumbi m'minda. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba pa lichero. Tinapatsana moni, tinakamba za chimanga, za mbuzi imene inathyoka mwendo. Ndinali nditakonza mawu opepesa m'shapa monse, koma sindinawanene. Anayamba ndi iwo.

"Apulofesora, phunziro lija munaphunzitsa ana, tandiphunzitsaniko nane. Ndamva zidutswazidutswa."

Ndinayesa kuzemba, koma anaika lichero pansi n'kupinda manja. Ndiye ndinawafotokozera zonse: kachitsulo, mkuwa, mtovu, bokosi la timagawo, chopanira. Anamvetsera ngati mmene amamverera za mbewu yatsopano. Anafunsa ngati woyala zilembo sankadumphanso mzere. Ndinati ankadumpha, ndipo wowerenga pepala loyesera akapanda kuona, cholakwacho chinkalowa m'mabuku onse nthawi imodzi. Kungoti ambiri akachiona, posindikizanso ankakonza. Anagwedeza mutu.

"Ndiye iwo anali ndi wowaonera. Ine ndinalibe. Mwini buku ankabwera dzuwa likapendeka, ndipo sankadikira." Kenaka anafunsa kuti, "Nanga alembi aja anapita kuti?"

Ndinadziwa pomwepo kuti yankho langa la khasu linawafika. Ndinawauza zoona, zimene ndinkazidziwa ngakhale tsiku lija: kuti ena anapitiriza kulemba makalata ndi mabuku apadera kwa zaka zambiri, ena anaphunzitsa ana kulemba, ena analowa ntchito kwa osindikiza omwewo, kukongoletsa masamba kapena kuwerenga zoyesera. Ndiponso kuti mabuku oyamba kusindikizidwa anayalidwa kuchokera m'mabuku a pamanja, ngakhale maonekedwe a zilembo anatengera dzanja la alembi. Pakanapanda iwo, makina sakanapeza choti adinde.

"Zimenezo ana munawauza?"

"Iyayi, atate."

Analowa m'nyumba, ndinamva kabokosi kakutseguka, n'kutuluka ndi buku lija. Analiika pa miyendo yanga.

"Tengani. Kuno lilibenso ntchito. Chaka chamawa mudzaphunzitsanso, eti? Koma inu munapeza malo amodzi okha. Alipo ambiri."

Ndinatsegula. M'mbali mwa masamba munali timitanda ta lapisi, tolemba ndi pensulo. Anandiuza kuti Lamlungu lililonse, ali pa benchi yawo, ankamvetsera mpingo ukuwerenga, ndipo akamva pamene pasiyana ndi za m'mutu mwawo ankasunga, n'kudzaika chizindikiro akafika kunyumba, panja pa dzuwa. Anali atagwira ntchitoyo miyezi yonse imene ine ndinkatumiza sopo. Sanachite monyoza. Ankafuna kuti phunziro la mwana wawo likhale lokwanira.

"Atate, ndinalakwa," ndinatero. Anatola lichero n'kuyambanso kusankha nyemba.

"Mzere ndinadumphadi," anayankha. "Mayi uja sananame."

M'mawa mwake linali Lamlungu, ndipo ndinapita nawo ku kapela. Sindinakakhale kumbali ya azimayi monga mwa chizolowezi. Ndinaima kumbuyo pafupi ndi chitseko, pamene ndinkawaona cham'mbali. Anali ndi jekete lomwe lija. Buku latsopano analigwira lotsegula, koma maso sanali pamenepo, ankapemphera za m'mutu, mawu awo akumveka pansi pa a anthu ena. Mpingo unafika pa odwala, iwo ali nawo limodzi. Utalowa pa amasiye, milomo yawo inayamba kupita kwa apaulendo monga inazolowera zaka zonse zija, ndipo anadzigwira. Anatseka pakamwa, anaweramitsa mutu, kudikira kuti anthu adutse mzere umene iwo analibe. Kenaka analowanso.

Buku lija ndili nalo, ndipo phunzirolo ndimaliphunzitsa chaka chilichonse, kachewere ndi zonse. Koma bukulo sindinalitengerenso m'kalasi. Timitanda tija ndinatiwerenga kamodzi kokha, n'kupeza kuti kamtanda kamodzi anakaika pa mzere umene unalibe cholakwa chilichonse. Pamenepo anali atalemba bwinobwino, koma anali atasiya kudzikhulupirira.